Chimene kamera imataya panjira

Wowerenga wina walemba kuti: "Ndinaona hologalamu ya kachidole. Ndikapendeketsa mutu ndinkaona zimene zinabisika kuseri kwake, pomwe pa chithunzi wamba sizitheka. Chinsinsi chake n'chiyani?"

Bwanawe, nkhani yagona pa mafunde. Kuwala kumayenda ngati mafunde, kukwera ndi kutsika. Funde likamafika pa filimu limakhala ndi mphamvu yake, komanso limafika lili pamwamba, pansi kapena pakatikati, malinga ndi mtunda umene layenda. Kuwala kochokera pamphuno ya chidole ndi kochokera kukhutu kwake sikufika mofanana, ndipo kusiyanako ndi kumene kumanena chimene chili pafupi ndi chimene chili patali. Tsono filimu imangomva mphamvu basi. Zinazo kamera imataya.

Wasayansi Dennis Gabor anapeza njira yozembera vutoli mu 1947, koma zinayamba kuyenda bwino leza, chipangizo chotulutsa kuwala kowongoka kwa mtundu umodzi, itabwera mu 1960, chifukwa mafunde a leza amayendera limodzi osasokonekera. Kuwala kwa leza kumagawidwa pawiri. Gawo lina limalunjika pa filimu, lina limakaomba chidole n'kubwerera pa filimu pomwepo. Pakati pa chidole ndi filimu sipakhala lenzi. Pamene mafunde awiriwa akumana onse ali pamwamba pamawala kwambiri, ndipo pamene lina lakwera linzake latsika amafafanizana, pamada. Motero mtunda uja, umene filimu siikanaumva, wasanduka timizere towala ndi takuda.

Timizereti n'tating'ono zedi. Apa timayeza ndi mananomita, ndipo milimita imodzi ndi mananomita miliyoni imodzi. Leza yofiira ya mafunde otalika mananomita 633, magawo awiriwo akakumana motalikirana madigiri 30, imalemba timizere pafupifupi 790 pa milimita imodzi. N'chifukwa chake ojambula amaopa kugwedezeka ngati moto. Chidole chikasuntha ngakhale mananomita 160 okha pojambula, timizere timapakana. Mudzadziwa msanga: chinthu chimene chinasunthacho chimangooneka bii, pomwe zoyandikana nacho zikuwala. Tebulo lonse likanjenjemera, ngakhale ndi mapazi a munthu wodutsa, simupeza kanthu.

Filimu ikatsukidwa imangooneka mbuu, yopanda chithunzi. Iwalitseni ndi leza ija kuchokera mbali imodzimodzi imene kunachokera kuwala kolunjika kuja. Timizere timapatutsa kuwalako, n'kutuluka mafunde ofanana ndendende ndi amene anachoka pa chidole tsiku lojambula. Diso lamanzere limalandira ake, lamanja ake, ndipo mukasuntha mutu mumalandira ena. Kwa ine, kuitcha hologalamu chithunzi n'kuinamizira. Ili ngati zenera.

Popeza panalibe lenzi, kachigawo kalikonse ka filimu kanalandira kuwala kochokera pa chidole chonse chimene kanayang'anizana nacho. Mukaidula pakati, chidole chimaonekabe chathunthu m'chidutswa chilichonse. Kungoti zenera lachepa, ndiye kuseri kuja simungasuzumireko patali ngati kale.