Kanema wa mphindi 24, zidutswa zingati?

"Ndinajambula kanema wa mphindi 24 ndikucheza ndi mlimi wa mpunga ku Domasi, n'kumuika pa YouTube. Ndinamudula mphindi imodziimodzi kuti ndiziika pa Facebook, TikTok ndi pa sitetasi ya WhatsApp, koma anthu sakuonera mpaka kumapeto. Ndikulakwitsa pati?" Watero mayi wina wa ku Matawale m'kalata yake.

Mayi, vuto ndi loti mwadula potsata wotchi. Chidutswa chachisanu ndi chiwiri chikuyamba mlimi ali pakati pa chiganizo, akunena kuti "ndiye chifukwa chake sitichita zimenezo", ndipo woonera sakudziwa kuti zimenezo n'ziti. Iyeyo sanaone kanema wamkuluyo ndipo mwina sadzamuona. Choncho chidutswa chilichonse chiziyankha funso limodzi n'kulimaliza pachokha.

Musanatsegule CapCut kapena pulogalamu ina yodulira, tengani kope ndi cholembera, muonere kanema yense. Paliponse pamene mlimi wayamba mfundo yatsopano, lembani nthawi yoyambira, yothera, ndi funso limene akuyankha. Mwachitsanzo, 03:10 mpaka 03:55, mbande za pa nazale zimawokeredwa liti. 11:40 mpaka 12:30, amathana nazo bwanji mbalame mpunga ukamacha. 19:05 mpaka 20:20, chifukwa chiyani sagulitsa atangokolola. Mukatero mupeza kuti m'mphindi 24 zija mwina muli mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi zoima pazokha. Zotsalazo ndi malonje, kuseka ndi kubwereza, zimene zimakoma m'kanema wautali koma zisiyeni momwemo.

Kuyesa kwake n'kosavuta: onetsani chidutswacho munthu amene sanaone kanema wamkulu. Akafunsa kuti "akukamba za chiyani?", chasowa mutu. Chikonzeni polemba funsolo pamwamba pa chithunzi kuyambira sekondi yoyamba, ndipo muchotse mawu olozera kumbuyo monga "monga ndanena kale". Malonje, olo ndi mwambo wathu, musayambe nawo. Pomwe mukumaliza "muli bwanji bambo", chala cha woonera chapita kale kwina.

Tsopano maonekedwe. Kanema wa YouTube ndi wopingasa, 16:9, pamene TikTok, Reels za pa Facebook, Shorts za pa YouTube ndi sitetasi zimafuna woimirira, 9:16. Mukadula wopingasa kuti aimirire, mumatsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwake. Ngati munakhala awiri moyandikana, mmodzi azimiririka, kapena nonse mutsala mapewa okhaokha. Sunthani chimangocho kuti chizitsata amene akuyankhula, ndipo pamene mlimi akuonetsa mbande m'manja, chitsate manjawo. Ulendo wina pojambula muziika munthu pakati, osati m'mphepete.

Mawu olembedwa pansi ndi ofunika chifukwa ambiri amaonera foni ili chete, m'minibasi yopita ku Limbe kapena mu ofesi. Mapulogalamu olemba okha mawu sachimva bwino Chichewa, ndiye lembani ndi manja. N'zotopetsa, koma chidutswa cha masekondi 45 ndi ziganizo zochepa chabe. Musawaike pansi penipeni kapena kumanja kwenikweni, chifukwa pa TikTok m'menemo mumakhala dzina lanu ndi mabatani.

Titenge chidutswa cha mbalame chija, cha masekondi 50. Chitulutseni kamodzi, choyera, n'kuchisunga m'foni, kenako muchikweze panokha pamalo aliwonse. Musachitsitse ku TikTok kuti muchiike pa Facebook, chifukwa chimabwera ndi chidindo cha TikTok. Musatengenso chimene chadutsa pa WhatsApp, popeza WhatsApp amafinya kanema ndipo mukamufinyanso kachiwiri nkhope zimachita mbuu. Pa Shorts chikwana bwino, poti kuyambira mu Okutobala 2024 amalola mpaka mphindi zitatu. Pa sitetasi, chidutswa chikapitirira malire chimaduka paliponse pamene malirewo athera, n'chifukwa chake ndimakonda kukhala pansi pa mphindi imodzi. Pa Facebook onjezani ndime yaifupi yofotokoza njira ya mlimiyo, n'kufunsa anthu mmene amachitira kwawo, kaya ku Likangala kaya ku Jali. Mfundo yomweyo ikhozanso kukhala chithunzi chimodzi chokhala ndi mawu ake enieni a mlimiyo. Musawakometse ayi, ndipo mumuuze kuti nkhope yake ioneka malo ambiri kuposa YouTube.

Za ulalo wopita ku kanema wamkulu musazidalire kwambiri. Ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, ndipo ulalo wa YouTube sutseguka pa bandulo yoteroyo. Uikeni ndithu, koma yankho lonse likhale m'chidutswamo.

Musazitulutse zonse tsiku limodzi. Ziwiri pa sabata zikwana, ndipo cha mbalame chisungireni nthawi imene mpunga ukucha. Pakatha masiku angapo, tsegulani ziwerengero za chidutswa chilichonse muone pamene anthu akusiyira. Akamathawa m'masekondi atatu oyamba, sinthani poyambira. Akamathawa pakati, mwaphatikiza mfundo ziwiri, ndiye zilekanitseni zikhale zidutswa ziwiri.