Chikho chosefukira ndi khobidi la kumunda

"Achemwali, ndadziwana ndi bambo wina miyezi iwiri yapitayi konkuno ku Joni. Nditayala makhadi atatu a taroti, pamalo anga panagwa esi ya zikho, pamalo awo esi ya makobidi, ndipo pamalo a ubwenzi wathu panagwa khadi la makobidi atatu. Kodi ndiye kuti ine ndikuwakonda pomwe iwo akungoona za ndalama?"

Achemwali anga, kalata yanuyi ndakhala nayo masiku anayi osayankha, chifukwa yandigunda pachilonda. Esi ya zikho ija, khadi loyamba la mtundu wa zikho m'makhadi olosera a taroti, inandigwera inenso mu 2016, ndikukhala ku Yeoville m'chipinda chomwe tinkagawana awiri ndi nsalu yotchinga pakati. Ntchito ndinkagwira ya m'nyumba ku Randburg, kudzuka mbandakucha, kusintha takisi ku Bree, kubwerako kutada. Inali Juni, kuzizira kolowa m'mafupa kuja. Bambo wina ndinakumana naye ku Park Station tonse tikutumiza katundu kumudzi. Anandinyamulira chikwama, nandilankhula Chichewa chakwathu chenicheni, ndipo mtima wanga unangoti phwii. Lamlungu lotsatira ndinasakaniza makhadi, ndinakoka limodzi, n'kutuluka chikho.

Ndinalira ndi chimwemwe. Mukaliyang'ana khadilo mundimvetsa. M'makhadi omwe ambirife timagwiritsa ntchito, aja anajambula mayi Pamela Colman Smith n'kutuluka mu 1909, dzanja latulukira mumtambo litanyamula chikho chagolide. M'chikhomo mukusefukira mitsinje isanu yomwe ikuthira m'dziwe la maluwa a m'madzi, ndipo nkhunda yoyera ikutsikira m'chikhomo italuma mkate wa Mgonero wokhala ndi mtanda. Munthu wokulira m'tchalitchi ngati ine, ukaona nkhunda imeneyo umangoti kumwamba kwavomera.

Chimene sindinachione nthawi imeneyo n'chakuti pakhadipo palibe munthu. Palibe nkhope, palibe dzina, pansi padzaza madzi. Khadilo linanena zoona kuti chikondi chilipo ndipo chikusefukira, koma silinanene kuti ndi cha onse awiri. Chinali changa. Ndinali nditatha zaka zitatu osamva munthu akundifunsa ngati ndadya, ndiye mtima unali wodzaza kale, ukungodikira woti autsegule. Bamboyo ankaimba foni usiku uliwonse ndi mawu a uchi, koma miyezi isanu inatha ndisakudziwa khomo lomwe ankagona. Tikapangana Loweruka, kunkagwa ntchito yadzidzidzi. Mapeto ake ndinamva kwa anthu ena kuti kumudzi kuli mayi ndi ana.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva anthu akunyoza esi ya makobidi pa nkhani ya chikondi, ati ndi khadi louma, la bizinesi. Ayi ndithu. Liyang'aneninso. Dzanja ndi la mumtambo ngati lija, lanyamula khobidi lalikulu lagolide la nyenyezi ya nsonga zisanu. Koma pansi pali munda wosamalidwa, maluwa oyera, mpanda wamaluwa wokhala ndi chipata, ndi kanjira kodutsa pachipatapo kuloza kumapiri akutali. Munda sudzilima wokha. Mpanda wina anaudzala n'kumaudulira chaka ndi chaka. Zikho ndi makhadi a madzi, amanena za mumtima. Makobidi ndi makhadi a nthaka, ndipo nthaka si ndalama zokha: ndi thupi, nthawi, ntchito ya manja, denga, chilichonse chomwe mungachikhudze. Likagwa pamalo a mwamuna, ine ndimawerenga munthu amene chikondi chake chimatulukira m'zochita. Amafika nthawi yomwe ananena. Amaona kuti loko wa chitseko chanu ndi wolobodoka n'kubwera ndi zida Lamlungu. Mwina sangakuuzeni mawu otsekemera mpaka Khirisimasi.

Ndinene mosabisa, kuno ku Joni ine ndimakhulupirira khobidi kuposa chikho. Chikho n'chosavuta kudzaza m'tauni ino, chifukwa tonse tili ndi njala ya kwathu. Aliyense wokupatsani moni wa "mwaswera bwanji" pamzere wa takisi angakusefukiritseni mtima. Chosowa ndi munthu amene angakuonetseni chipata ndi njira.

Komabe khobidi nalo lili ndi msampha wake, ndipo ndauona ukugwira anzanga. Renti ya kuno imakwatitsa anthu. Awiri amaphatikiza chipinda chifukwa kulipira wekha n'kowawa, kwinaku kumudzi akudikira ya fetereza ndi ya fizi, ndipo pakatha chaka amapezeka ali pabanja lomwe sanalisankhe. Mnzanga wina wa ku Rosettenville anakhala zaka zinayi ndi bambo wabwino, wosamwa, wolipira zonse pa nthawi yake, koma ankandiuza kuti akamva makiyi pakhomo mtima wake suchita chilichonse. Kumeneko ndi kukhala m'munda wopanda madzi. Ndiye mantha anu sindikuwapeputsa, ali ndi mutu.

Palinso china chomwe oyamba kumene amaiwala. Esi ndi khadi loyamba mwa makhadi 14 a mtundu wake, ndi mbewu chabe. Dzanja lija likupereka, ndipo palibe amene walandira. Maesi onse anayi ndi otero. Anu awiriwa akunena kuti chinachake chayamba mbali zonse ziwiri, osati kuti chakhwima. Miyezi iwiri ndi nthawi ya mbewu ndithu.

Tibwere pa makhadi anu

Khadi lomwe layankha funso lanu ndi lachitatu, lomwe mwangolitchula modutsa. Pa makobidi atatu pali mmisiri ataima pabenchi m'kati mwa tchalitchi, akukambirana ndi anthu awiri, mmodzi atagwira pulani ya nyumbayo. Ndi anthu omanga chinthu chimodzi mogwirizana. Bamboyo akadakhala wongowerengera zam'thumba, ndikadayembekeza makobidi anayi, paja munthu wakumbatira khobidi pachifuwa, ena awiri wawaponda, lina lili pamutu. Kapena esi yakeyo ikadagwa chadodolido, zomwe nthawi zambiri timawerenga ngati mwayi wotayika kapena umbombo. Simunanene kuti inatembenuka, ndiye ndikutenga kuti inaima bwino.

Chomwe ndikuona n'chakuti makhadi awiri mwa atatu ndi a nthaka, ndipo madzi onse ali mbali yanu. Ubwenziwu uyenda pa liwiro la iwo, pang'onopang'ono, ndipo amene angatope msanga ndinu. Musayalenso makhadi pa funso lomweli mawa ndi mkuja pofuna yankho lina, ine ndinkatero ndipo ndinkangodzisokoneza. Kokani limodzi lokha, mufunse kuti mumtima mwa bamboyo muli chiyani. Zikatuluka zikho ziwiri, paja mwamuna ndi mkazi akupatsana zikho, ndiye kuti madzi alipo mbali yawonso. Zikatuluka zikho zinayi, paja mnyamata wakhala pansi pa mtengo atapinda manja osalabadira chikho chomwe akupatsidwa, ndiye kuti munda ulipo koma mwini wake mtima uli kwina.

Kenako makhadiwo muwabwezere m'bokosi kwa masabata asanu ndi limodzi. Muone ngati mukudziwa komwe amagona, ngati mwaonana ndi m'bale wawo kapena mnzawo wa kumudzi kwawo, ndiponso ngati nkhani yolowa m'chipinda chimodzi akuifulumizitsa chifukwa cha inu kapena chifukwa mwezi watha. Ndipo tsiku lina mukudya, muwafunse maso ndi maso ngati kumudzi anasiyako munthu. Ine funso limenelo sindinafunse.