Sopo wa mafuta a mpendadzuwa okhaokha: chifukwa chake akufewa n'kuchita madontho

"Anzanga ndithandizeni. Ndinapanga sopo ndi mafuta a mpendadzuwa okhaokha poti ndi amene amapezeka kwathu kuno. Wachedwa kuuma, thovu ndi lochepa, ukasambira kawiri wayamba kale kunanda. Tsopano patha miyezi iwiri, wayamba madontho achikasu komanso kafungo koipa. Ndi mafuta ati abwino opangira sopo?"

Mayi, pepani ndi mafuta amene apita pachabewo. Mavuto onse mwatchulawa gwero lake ndi limodzi, ndipo si dzanja lanu ayi, ndi mtundu wa mafutawo. Palibe mafuta amodzi amene angakupatseni kulimba, thovu ndi kukhalitsa pakamodzi. Mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake m'sopo, ndiye timachita kusakaniza.

Tiyambe ndi mpendadzuwa womwewo. M'mafuta ake, magawo oposa 60 pa 100 alionse ndi asidi wotchedwa linoleyiki. Asidi ameneyu akakumana ndi kositiki soda amapanga sopo wofewa, wosachedwa kumwa madzi, n'chifukwa chake wanu akunanda. Choipa kwambiri n'chakuti linoleyiki sachedwa kugwirana ndi mpweya. Mafuta ochepa amene amatsala m'sopo osasanduka amayamba kuwonongeka pang'onopang'ono, ndipo chizindikiro chake ndi timadontho tachikasu kapena tofiirira, kenako fungo la mafuta okhalitsa. Kutentha, chinyezi ndi dzuwa zimafulumizitsa zimenezi. Mafuta a soya ndi a thonje ali m'gulu lomweli, ndipo a soya ali ndi asidi winanso, linoleniki, amene amawonongeka msanga kuposa mnzake uja. Choncho kusiya mpendadzuwa n'kuthamangira soya sikuthetsa kanthu.

Onetsetsani kaye kuti ndi vuto limenelidi. Ngati pamwamba pa sopo pangoyera mbuu ngati pawazidwa ufa, chimenecho ndi chiphulusa cha soda, chimachoka mukapukuta ndi kansalu konyowa ndipo sopoyo alibe vuto. Koma madontho a mafuta owonongeka sapukutika, amalowa mkati, amakula, ndipo nthawi zina pamalopo pamachita kamafutamafuta. Sopo wotere musagulitse. Muchapireni masaka ndi zokolopera athe.

Thupi la sopo limachokera ku mafuta amene amagwirana kukazizira. Pa mafuta a zomera, mwini wake wa ntchitoyi ndi pamu, amene ku Karonga amawatcha mawese. Pafupifupi magawo 44 pa 100 a mafuta amenewa ndi asidi wa pamitiki, amene sopo wake ndi wolimba komanso sasungunuka msanga m'madzi. Thovu lake ndi laling'onoling'ono, losalala, osati lotukuka. Mafuta ambiri ophikira a m'zigubu zikuluzikulu amene amayamba mbuu kapena kugwirana m'mawa wa mu Juni amakhala a pamu oyengedwa, omwe anachotsamo gawo lolimba kwambiri. Amenewo amapanga sopo wabwino ndithu ngakhale sauma gwa ngati mawese enieni. Werengani pachigubu, chifukwa ena amakhala osakaniza ndi soya. Mawese ofiira amapatsa sopo mtundu wachikasu thupi lonse, ndipo akachuluka thovunso limakhala lachikasu. Mtundu umenewo ndi wachibadwa, si kuwonongeka.

Chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachilabadira pa mawese: akakhala m'chigubu amapatukana, amadzi pamwamba, olimba pansi. Mukamangotunga pamwamba, sopo wa lero afewa, wa sabata yamawa auma mpaka kuphwanyika podula, pomwe muyezo ndi umodzimodzi. Sungunulani chigubu chonse m'madzi otentha, mutakase, ndiye muyeze.

Thovu lotukuka limene makasitomala amafuna limachokera ku mafuta a kokonati, kapena a njere ya mkati mwa chipatso cha pamu. Awiriwa ali ndi asidi wa loriki pafupifupi theka. Sopo wake amachita thovu ngakhale m'madzi amchere, zomwe n'zofunika kwa amene amatunga pamijigo ya madzi amchere ngati ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Koma apa m'pamene anthu amasokonezeka. Sopo wa kokonati amauma gwa, ukamugogoda patebulo amalira, ndiye munthu amaganiza kuti akhalitsa. Ayi ndithu. Amachita thovu lambiri chifukwa amasungunuka msanga, ndiye amathanso msanga, komanso amayeretsa mopitirira mpaka khungu kutuwa ndi kuyabwa. Kulimba pogwira ndi kukhalitsa kubafa ndi zinthu ziwiri zosiyana: choyamba kokonati amapereka, chachiwiri ndi cha pamu. Ine pa sopo wosambira sindingapitirire magawo 30 pa 100 a kokonati. Mafakitale ambiri a sopo amayenda pa magawo 80 a pamu ndi 20 a njere yake.

Nanga mafuta amadzimadzi aja ntchito yawo ndi yotani? Amafewetsa ukali wa sopo pakhungu. Pa amene timalima kuno, ine ndimaika mtedza patsogolo pa mpendadzuwa ndi soya, chifukwa mwa mtedza wochuluka ndi asidi wa oleyiki, yemwe ali m'mafuta a olivi, ndipo linoleyiki ali cha m'ma 30 basi. Kungoti ngati mukugulitsa, muziwauza anthu kuti muli mtedza, poti alipo ena amene thupi lawo limadana nawo. Mafuta a nsatsi nawo ndi othandiza pang'ono pokha. Paokha sachita thovu lambiri, koma amagwira thovu la kokonati kuti lisaphwe msanga. Magawo 5 akwana. Mukapyola 10 sopo amayamba kumata m'manja.

Tiyeze limodzi mafuta okwana kilogalamu imodzi. Tengani pamu magalamu 500, kokonati 250, mtedza 200 ndi nsatsi 50. Opanga sopo ambiri amatsata lamulo lakuti linoleyiki ndi linoleniki mukawaphatikiza asapitirire magawo 15 pa 100 a mafuta onse. Si mpanda woti ukangodumpha sopo waola, koma ndi poyambira pabwino, makamaka kotentha. Pamu ali ndi linoleyiki pafupifupi 10 pa 100, ndiye m'magalamu 500 muli 50. Mtedza 200 ukupereka 60, kokonati ndi nsatsi pamodzi sakufika 10. Zonse ndi magalamu pafupifupi 120 pa 1000, kutanthauza magawo 12. Tili mkati. Tsopano chotsani mtedzawo muikepo mpendadzuwa 200. Iye yekha abweretsa magalamu 130, chiwerengero chonse chifika cha m'ma 19, tadutsa kale. Sopo wanu uja anali pamwamba pa 60. Ngati mpendadzuwa ndi amene muli naye basi, muikeni magalamu 100 okha, ena 100 muwonjezere ku pamu, ndipo mukhala cha m'ma 13.

Kositiki soda naye amayendera mtundu wa mafuta, osati kuchuluka kwake kokha. Galamu imodzi ya pamu imafuna soda pafupifupi magalamu 0.142, kokonati 0.183, mtedza 0.137, nsatsi 0.128, mpendadzuwa 0.135. Pa muyezo wathu uja zikhala chonchi:

```
500 x 0.142 = 71.0
250 x 0.183 = 45.8
200 x 0.137 = 27.4
 50 x 0.128 =  6.4
            = 150.6
150.6 x 0.95 = 143
```

Mzere womalizawo tachotsako magawo 5 pa 100 mwadala, kuti mafuta pang'ono atsale osasanduka, sopo asawotche khungu. Ndiye soda ndi magalamu 143, madzi kuwirikiza kawiri, 286. Musakopeke kusiya mafuta ambiri otsala poganiza kuti sopo akoma pakhungu, chifukwa otsalawo ndi omwe amadzachita madontho. Ngati ndi sopo wochapira zovala, chotsaniko gawo limodzi lokha pa 100, poti mafuta otsala alibe ntchito pansalu. Manambalawa amasiyanako pang'ono malinga ndi mbewu ndi kayengedwe, choncho mukasintha muyezo lowetsani pa SoapCalc, tsamba la pa intaneti lowerengera soda, musankhe NaOH, yemwe ndi kositiki soda yemweyu, muone ngati zikugwirizana.

Ndikuchondereni pa ichi. Tsiku lina kokonati adzasowa kapena adzakwera mtengo, ndipo mudzafuna kuika mpendadzuwa 250 m'malo mwake, soda n'kusiya yemweyo. Kokonati 250 amadya soda magalamu 45.8, mpendadzuwa 250 amadya 33.8 okha. Mafuta onsewo angathe kumaliza soda 138.6 basi, inu mwathira 143. Wotsalayo akhala m'sopo ali wamoyo, ndipo akawotcha mwana wa munthu. Mukasintha mafuta ngakhale amodzi, werengeraninso soda. Pa chifukwa chomwechi yezani pasikelo, osati ndi botolo. Lita imodzi ya mafuta si kilogalamu, imalemera magalamu pafupifupi 920, ndipo amene amaiwerengera ngati 1000 amathira soda wopitirira. Zina mukuzidziwa kale: soda ndiye amapita m'madzi, osati madzi m'soda, magolovesi ndi magalasi muvale, ndipo poto wa aluminiyamu asayandikire.

Muyezo ungakhale wabwino, sopo n'kuwonongekabe ngati mafutawo analowa atakalamba kale. Anunkhizeni musanagule. Mafuta otsala pachiwaya cha tchipisi ndi otchipa, koma moto unawawononga kale, ndipo soda sangawabwezere mwakale. Amenewo ndi a sopo wochapira wa pakhomo wogwiritsa ntchito msanga, osati wokaika pashelefu. Mafuta ofinyidwa pamakina a m'mudzi asiyeni adikhe ndipo muwasefe, chifukwa tizinyenyeswa ta mbewu timathandizira kuwonongeka.

Chitsulo ndi kopa ndi adani enanso. Kadzimbiri kochepa zedi kamafulumizitsa kugwirana kwa mafuta ndi mpweya kuja. Mukayanika sopo palata kapena pawaya wadzimbiri, madontho amayambira penipeni pamene anakhudza, nthawi zina m'mizere yotsata wayayo. Mukaona madontho ali mbali imodzi yokha, kaikirani poyanikira. Akakhala paliponse, ndi mafuta kapena madzi. Madzi a pamjigo amene amasiya zofiira m'ndowa ali ndi chitsulo, ndiye posungunulira soda gwiritsani ntchito madzi amvula oyera, ochingira m'beseni lapulasitiki, osati otsika padenga ladzimbiri.

Sopo wa muyezo uwu amatuluka m'chikombole pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Mudule nthawi yomweyo asanaumitsitse, muyale pathabwa loyalapo pepala loyera kapena nsalu, mumthunzi mopita mphepo, zidutswa zisakhudzane, kwa masabata 4 mpaka 6. Musafulumire kukulunga m'pulasitiki madzi asanatuluke, makamaka nyengo ya dzinja. Kuti mudziwe ngati wauma, sankhani chidutswa chimodzi muzichiyeza pasikelo sabata iliyonse, chikasiya kupepuka ndiye kuti wakonzeka.

Musanagule mafuta ambiri, pangani theka la muyezowu: pamu 250, kokonati 125, mtedza 100, nsatsi 25, soda 71.5, madzi 143. Akauma, chidutswa chimodzi musambire, china muike pamalo otentha pang'ono m'nyumba mutalemba tsiku, ndipo muzichiona ndi kuchinunkhiza kwa miyezi itatu. Thovu likachepa, onjezani kokonati ndi magawo 5 mochotsa ku pamu. Khungu likatuwa, chepetsani kokonati ndi magawo 5 omwewo. Muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo soda muwerengerenso.