Mmene mungagawire vidiyo yaitali m'zigawo pa YouTube

"Achimwene, ndimakhala ku Yeoville. Ndinajambula ulendo wanga wa pa basi kuchokera ku Joni mpaka ku Blantyre, vidiyo ya ola limodzi ndi mphindi 12. Ndalemba nthawi m'munsi mwake kuyambira pa 1:30, pomwe nkhani ikuyambira, koma mzere wofiira uja sukugawika ngati wa anzanga. Ndalakwitsa pati? Nanga zimathandizadi kuti anthu aipeze?"

Achemwali, vuto lili pa 1:30 pomwepo. YouTube siigawa vidiyo pokhapokha nthawi yoyamba pa mndandanda ikhale 0:00. Ngakhale poyambapo pali malonje okhaokha, apatseni mzere wawo. Malamulo ena ndi awiri: nthawizo zikhale zitatu kapena kuposerapo, zotsatizana kuyambira yaing'ono, ndipo chigawo chilichonse chisachepere masekondi 10. Chimodzi chikaphonyeka, manambala aja amatha kudinika ndithu, koma mzere osagawika, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti alemba bwino.

Lowani mu YouTube Studio, dinani Content, sankhani vidiyoyo, ndipo m'bokosi la Description mulembe motere, chigawo chilichonse pa mzere wake:

```
0:00 Malonje ndi zomwe zili muvidiyoyi
1:30 Kugula tikiti ya basi ya ku Malawi pa Park Station
9:45 Kupimitsa ndi kulipirira katundu
21:10 Kuwoloka pa Beitbridge
38:05 Boda ya Nyamapanda kulowa Mozambique
52:40 Mlatho wa Zambezi ku Tete
1:01:20 Boda ya Mwanza ndi katundu
1:09:00 Kufika ku Blantyre
```

Nthawizi ndangoyerekeza, muike zanu. Onani mizere iwiri yomaliza: vidiyo ikadutsa ola, mumayamba ndi ola, kenako mphindi, kenako masekondi. Pakati pa manambala pakhale timadontho tiwiri, osati kadontho kamodzi monga timalembera nthawi ya pa wotchi, ndipo musiye mpata musanalembe dzina la chigawo. Mukadina Save, tsegulani vidiyoyo pa foni muone ngati mzere wagawika.

Pa funso lanu lachiwiri ndi pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ntchito yeniyeni ili pa mayina a zigawozo. Mayi amene ali ku Hillbrow, akukonzekera kupita kumudzi pa Disembala ndi firiji yake, salemba pa foni kuti "ulendo wanga wosangalatsa". Amalemba za Beitbridge, za katundu, za boda ya Mwanza. Google imatha kuonetsa zigawo za vidiyo pansi pa zotsatira zake, zomwe imazitcha Key moments, ndipo munthu akadina amafikira pa mphindi yomwe yankho lake lili. Palibe angakulonjezeni kuti zidzaoneka nthawi zonse, koma chigawo cholembedwa "Gawo 3" kapena "Tikupitiriza" sichiuza Google kanthu, sichiuzanso munthu kanthu. Tchulani malo ndi chinthu chomwe chikuchitika pamenepo, mwachidule, chifukwa pa foni dzina lalitali limaduka. Mayina a malo muwalembe monga alembedwera pa zikwangwani, poti ndi momwe anthu amawasakira.

Ena amaopa kuti zigawo zichititsa anthu kudumpha vidiyo. Adumphadi. Koma ganizirani m'bale wathu yemwe wagula kabandulo kakang'ono ku Ndirande: iyeyu sangaonere ola lathunthu kuti apeze mphindi zisanu za pa Mwanza. Popanda zigawo amakankha mzere uja uku ndi uku, n'kutopa, n'kutuluka. Zikakhalapo amaonera chomwe wabwerera, ndipo akaona pa mndandanda kuti palinso za kupimitsa katundu, amatha kubwerera m'mbuyo.

Komabe musaduledule kwambiri. Pa vidiyo ngati yanu, zigawo zisanu ndi zitatu kapena khumi zakwana. Muziika nthawi masekondi awiri kapena atatu nkhani isanayambe, kuti munthu asafikire pakati pa chiganizo. Njira yosavuta ndi kuonera vidiyo yonse muli ndi pepala, n'kumaimitsa paliponse pomwe nkhani yasintha.

Mndandandawu usakhale pamwamba penipeni. Mizere yoyambirira ndi yomwe imaoneka munthu asanatambasule zonse, choncho yambani ndi ziganizo ziwiri zonena kuti uwu ndi ulendo wa pa basi kuchokera ku Johannesburg kupita ku Blantyre kudzera ku Zimbabwe ndi Mozambique, kenako nthawi zija. Malo alipo okwanira, bokosilo limalola zilembo 5,000. Kuika nthawi mu ndemanga ya pansi pa vidiyo sikugawa mzere, ziyenera kukhala mu Description.

YouTube imathanso kugawa yokha ngati mwailola, koma zomwe mwalemba nokha ndi zomwe zimagwira ntchito m'malo mwa zake, ndipo inu ndi amene mukudziwa pomwe basi inaima. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mukadzadula kachigawo ka vidiyoyi ndi Editor, chida chodulira vidiyo cha mu YouTube Studio, zonse za kutsogolo kwake zimasuntha. Mukachotsa masekondi 40 pa Beitbridge, Nyamapanda sakhalanso pa 38:05 koma pa 37:25, ndipo mizere yonse yotsatira iyenera kukonzedwa chimodzimodzi. Ngati zonsezi zili bwino koma mzere sukugawikabe, onani mu YouTube Studio ngati tchanelo chanu chili ndi chilango chomwe sichinathe, poti nachonso chimatha kutsekereza zigawo.