Probe, quiz, nab: mau afupi a pa mutu wa nkhani ndi pomwe amapweteketsa

"Akulu, ine ndangoyamba kumene maphunziro a utolankhani ndipo panopa ndili pa atachimenti ku nyuzipepala ina. Vuto langa ndi mahedilaini a Chingerezi, ndikalemba amandibwezera kuti ndi aatali sakukwana. Ndimaona anzanga akulemba probe m'malo mwa investigation, kodi pali mndandanda wa mau oterewa woti ndingoloweza? Mchemwali wanu wa ku Chilomoni."

Achemwali zikomo kwambiri polemba. Mau ake alipo ndithu ndipo si ambiri, omwe mudzakumane nawo tsiku ndi tsiku mwina mungawalembe patsamba limodzi la kope, koma ndikufuna muyambe mwamvetsa chifukwa chomwe amakubwezerani chifukwa mukadziwa kuyeza malo simudzavutikanso ndi zolowezazo.

Mutu wa nkhani papepala umayezedwa ndi kunenepa kwa zilembo osati kuchuluka kwake kokha. Akale makompyuta asanabwere amawerenga pamanja, ndipo kawerengedwe kake kamasiyana pang'ono malo ndi malo koma kofala ndi aka: chilembo chaching'ono wamba ndi 1, zoonda zija f, l, i, t ndi j ndi theka, zonenepa m ndi w ndi 1 ndi theka, zilembo zazikulu zambiri ndi 1 ndi theka, mpata wa pakati pa mau ndi theka. Lero pulogalamu yoyalira tsamba imakuonetsani yokha kuti mau asefukira, komabe mutu wanu ukazolowera kuwerenga chonchi mumadziwiratu musanataipe nkomwe.

Tiyeni tiyese ndi nkhani yongopeka. Tinene kuti bungwe la ACB lanena kuti layamba kufufuza m'mene khonsolo ina inaperekera kontilakiti yomanga msika, palibe amene wamangidwa, palibe amene waitanidwa, angoti tayamba kufufuza basi. Mkonzi wakupatsani mizere iwiri ndipo mzere uliwonse ukulowa 12. Mukalemba "ACB investigates" muwerenge: A, C ndi B ndi 4 ndi theka, mpata ukufikitsa pa 5, investigates yekha ndi 10, zonse 15, ndiye mwapyola ndi 3 ndipo mzere wothyoka kale. Tsopano lembani "ACB probes", probes ndi 6, zonse 11, walowa bwinobwino. Mzere wachiwiri "council contract" ukupitirira 12, ndiye mutenga deal, "council deal" ikukwana 10. Mizere iwiri ya 11 ndi 10 imaoneka bwino patsamba chifukwa yatsala pang'ono kufanana, mkonzi sakonda mzere wina wodzadza wina wa theka. Onaninso kuti ACB yomweyo ndi chidule, Anti-Corruption Bureau yonse singalowe, ndipo timalola chidulecho chifukwa owerenga ku Malawi kuno akuchidziwa kale makamaka chichokereni nkhani za Cashgate mu 2013. Chidule cha kabungwe koti akuchidziwa ndi a mu ofesi mwake okha musachiike pamutu.

Ena omwe mudzawagwiritse ntchito pafupipafupi ndi bid poyesa kuchita chinthu, row pamkangano, hike mitengo ikakwera, ban poletsa, pact pamgwirizano, vow polonjeza mwamphamvu, mull boma likamalingalira koma lisanamange mfundo, ndi quit munthu akatula pansi udindo. Ndalama timalemba K5bn osati kutchula yonse, zomwe zachitika dzulo timalemba ngati zikuchitika pano, za mawa timaika to, ndipo chizindikiro cha comma chimalowa m'malo mwa and. Izi sabata imodzi mudzakhala mwazigwira.

Koma pomwe ndikufuna tikhalepo nthawi ndi apa. Mau afupiwa si ofanana ndendende ndi aatali aja, ambiri ndi aukali kuposa anzawo, ndiye munthu pofuna kuti mutu ukwane amapezeka wanena zomwe nkhani yake sinanene. Tibwerere ku khonsolo ija. Mawa lake ACB yaitana mkulu wina wa khonsoloyo kukamufunsa mafunso, wayankha, wabwerera kwawo madzulo. Apa mau ake ndi quiz, "ACB quizzes official". Mukalemba grills mukunena kuti anamupanikiza kwambiri, kodi inu munali m'chipindamo kapena alipo wakuuzani zimenezo? Ngati palibe, siyani. Mukalemba nabs ndiye mwanena kuti wamangidwa, held mwanena kuti amusunga m'chitokosi, charged mwanena kuti amutsegulira mlandu, jailed mwanena kuti khothi lamupeza wolakwa ndipo ali kundende. Onsewa ndi afupi, onse akukwana pamzere, koma ndi masitepe osiyana pa ulendo wa mlandu ndipo munthu uja ali pa sitepe imodzi yokha tsiku limenelo. Anthu ambiri amawerenga mutu wokha pomwe nyuzi zayalidwa pamsewu kapena pa chithunzi cha tsamba loyamba chomwe chikuyenda pa WhatsApp, nkhani yonse saiona, ndiye mukati nabbed pomwe munthu anangofunsidwa mafunso, ana ake kusukulu, akumpingo kwake, apongozi ake onse amva kuti wamangidwa. Kapepeso kakang'ono ka mawa lake sikafika kwa onsewo, ndipo kalata ya loya ikhoza kubwera pa mau amodzi omwewo.

Chimodzimodzi axe ndi sack. Awiriwa amatanthauza kuti ntchito yatha. Munthu amene wangoimitsidwa podikira kafukufuku sanachotsedwe, ndipo suspended ndi wautali inde koma mulibe chidule chake chabwino, ndiye mumasintha mbali ina ya mutuwo kuti iyeyo alowe, mwina kuchotsa dzina la malo kapena kupempha mkonzi achepetse zilembo pang'ono. Ine ndimaona kuti kupempha malo ndi kwabwino kusiyana ndi kupotoza nkhani, ndipo mkonzi wodziwa ntchito sakwiya nazo.

Slam nayenso, pamodzi ndi blast ndi rap, anthu amawakonda mopitirira. Abusa akanena modekha kuti boma liganizirenso za mtengo wa fetereza sanadzudzule mwaukali, apo urge kapena ask akukwanira ndipo ndi afupinso. Slam musungireni tsiku lomwe munthu wayankhuladi mokalipa, apo ayi owerenga amazolowera ndipo likadzafika tsiku lenilenilo mauwo adzakhala atatha mphamvu. Deal ija tinaika pa khonsolo nayo muisamale, imakhala ndi kafungo koti pali chachinsinsi, pa nkhani ya ACB ikupita koma pa mgwirizano wabwinobwino wa sukulu ndi kampani ndingasankhe pact.

Vuto lachiwiri ndi loti mau ambiriwa amagwira ntchito pawiri, ngati dzina komanso ngati mneni, ndipo poti pamutu timachotsa timau ting'onoting'ono tonga the ndi is, wowerenga amasowa pogwira. Taonani "Council probe stalls". Wolemba akufuna kunena kuti kafukufuku waima, koma stalls ndi mabenchi a mumsikanso, ndiye wina awerenga kuti khonsolo ikufufuza mabenchi, makamaka poti nkhani yathu ndi ya msika. Mukangoonjezera s mmodzi kukhala "Council probes stalls" tanthauzo lasinthiratu. Kuonjezera apo "council probe" sikunena kuti khonsolo ndi yofufuza kapena yofufuzidwa. Mankhwala ake ndi kusintha mneni, "ACB probe delayed" kapena kuika into kuti zimveke kuti wofufuzidwa ndani. Azungu mitu yosokoneza chonchi amaitcha crash blossoms, dzinali linayamba mu 2009 kuchokera pa mutu wina wa pa Japan Today wokamba za woimba vayolini yemwe bambo ake anafa pa ngozi ya ndege, pomwe mau awiriwo anagundizana mpaka anthu kumadabwa kuti maluwa a ngozi ndiye chani. Njira yodziwira ndi yosavuta, mupatseni mutuwo munthu amene nkhaniyo sanaiwerenge, kaya ndi wojambula zithunzi kaya ndi dalaivala, akuuzeni chachitika ndi chani. Akakayika kapena kuwerenga kawiri, lembaninso.

Ndipo kumbukirani kuti owerenga athu ambiri Chingerezi anachiphunzira mkalasi, mau ngati mull kapena moot sawamva pakamwa pa munthu aliyense mu minibasi. Probe, ban, nab, hike awa anazolowereka chifukwa The Nation ndi The Daily Times amawalemba kawirikawiri, koma ena omwe mungawapeze m'nyuzi za ku Britain monga tot kunena mwana kapena wed kunena kukwatira amamveka achilendo kuno. Pa intaneti pomwe malo sakuvuta kwenikweni ine ndingalembe mau onse omveka bwino aja, chifukwa chomwe tinkafupikitsira chija palibepo.

Mukadzapatsidwa tsamba la Chichewa, monga muja mwa Tamvani kapena Tikambe, mudzaona kuti ifenso tili ndi kalembedwe kathu ka mitu. Mau athu ndi aatali koma mneni mmodzi amanyamula zambiri, "Amunjata" yekha wanena kale kuti alipo amanga ndi wina wamangidwa, ndiye mutu ngati "Amunjata ataba mbuzi" ndi wathunthu. Timati "Mfumu idzudzula" osati yadzudzula, "Maule aswa Manoma" m'malo motchula maina onse a Bullets ndi Wanderers. Koma msampha uja ulinso komweku ndipo mwina ndi woposa, chifukwa "ataba mbuzi" wagamula kale kuti anabadi pomwe khothi silinamve mlandu. Munthu akangomangidwa timati "pomuganizira kuti waba", ndi yaitali koma ndi yoona, ndipo kunjata, kukwidzinga ndi kumbwandira onse akunena kumangidwa osati kufunsidwa mafunso kapena kufufuzidwa.

Za mndandanda zija chitani chonchi, tengani nyuzi za masiku angapo zomwe zili mu ofesimo, pa mutu uliwonse lembani m'kope mau afupiwo kenako werengani ndime yoyamba ya nkhaniyo muone chomwe chinachitikadi, mulembe pambali pake. Mudzapeza mitu ina yomwe mau ake akugwirizana ndi nkhani ndi ina yomwe yakokomeza, iyi muiike chizindikiro ndipo muyese kuilembanso nokha pa malo omwewo, mowerenga zilembo monga tachitira ndi khonsolo ija. Mukalemba mitu isanu kapena isanu ndi umodzi munditumizire pamodzi ndi ndime zake zoyamba komanso kukula kwa malo omwe munapatsidwa, tidzaionere limodzi.