Nkhani yanga yatalika, ndidule pati?

"Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri ku Bunda. Ndalemba nkhani ya kasungidwe ka chimanga yoti ituluke m'magazini ya ophunzira. Mkonzi akufuna mawu 700, koma yanga ili ndi 1,200, ndipo ndikaiwerenga chilichonse chikuoneka chofunika. Ndakutumizirani kuti muione. Ndidule pati?"

Ndaiwerenga kawiri, ndipo muli nkhani yabwino m'kati mwakemo. Koma musayambe ndi kuchotsa liwu apa, liwu apo. Ambiri amayambira pamenepo, nkutha usiku wonse akusalaza ndime imene mawa lake idzatayidwe yonse. Yambani ndi mfundo, mawu abwere pambuyo.

Tsekani kaye nkhaniyo, mutenge kapepala, mulembe chiganizo chimodzi chonena zimene mukufuna kuti wowerenga akhulupirire kapena achite. Kulemba kuti "nkhani yanga ndi ya kasungidwe ka chimanga" sikukwanira, chifukwa umenewo ndi mutu chabe ndipo palibe angautsutse. Mmene ndaonera ine, mfundo yanu ndi iyi: mlimi wokolola matumba ochepa amapulumutsa chimanga chake kwa anankafumbwe akachiumitsa bwino nkuchisunga m'matumba osalowa mpweya. Imeneyi munthu atha kuivomereza kapena kuikana, ndiye kuti ndi mfundo.

Kenako tsegulani nkhani ija, ndipo m'mbali mwa ndime iliyonse mulembe mawu awiri kapena atatu onena ntchito imene ndimeyo ikugwira. Ndachita zimenezi pa yanu. Ndime yachitatu ndi yachinayi zikukamba za kukwera mtengo kwa feteleza. Mwazilemba mochokera pansi pa mtima, ndipo ndikudziwa kuti kuzichotsa kukuwawani. Koma feteleza ndi nkhani ya kumunda, pamene yanu ikuyambira pomwe chimanga chafika pakhomo. Ndime ziwirizi zili ndi mawu pafupifupi 300. Zisungeni pena, zidzakhale nkhani yakeyake, ndipo mwatsala ndi mawu 900 musanakhudze chiganizo ngakhale chimodzi.

Tsopano pali malo amene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene wowerenga watcheru angakugwireni. Mwafotokoza za agogo anu a ku Mitundu, amene anatsegula thumba mu Disembala nkupeza ufa wokhawokha ndi njere zobooka. Ndime imeneyi ndi yokoma kuposa zonse, musaikhudze. Vuto lili pa chiganizo chotsatira: "Choncho alimi onse ayenera kugula matumba a PICS." Liwu lakuti "choncho" lili ngati mlatho, ndipo mlatho uwu sunafike tsidya. Zimene zinachitikira agogo zikuonetsa kuti anankafumbwe amawononga. Sizikuonetsa kuti thumba limeneli ndilo yankho, ndiponso sizikunena kanthu za alimi onse.

Chosowa ndi chifukwa chake, chomwe inu mukuchidziwa kuchokera m'kalasi koma simunachilembe. Thumba la PICS lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Likamangidwa bwino, tizilombo timatha mpweya umene unatsalamo, nkusiya kudya ndi kuswana, kenako nkufa, popanda kuthira mankhwala. Ziganizo ziwiri zokha, mlatho wafika. Ndiye mudzifunse zimene mlimi wokayika angakuyankheni atakhala pa mkeka. Adzati thumbalo ndi lodula kuposa saka wamba. Adzati nanga khoswe akaliboola? Zonse ziwiri nzoona, ndipo thumba lobooka silitetezanso chimanga. Mukazibisa, wowerenga amene anaziona ndi maso ake sadzakhulupiriranso zotsalazo. Zitchuleni, nkuyankha kuti thumba losamalidwa limagwira ntchito kupitirira chaka chimodzi, ndipo lisanjikidwe pathandala, kutali ndi khoma. Mawu akuti "alimi onse" asinthe, akhale "mlimi wosunga chimanga miyezi ingapo", popeza wogulitsa atangokolola alibe nalo ntchito.

Pa kompyuta, gwiritsani ntchito Ctrl+F kufufuza "choncho", "chifukwa", "onse" ndi "nthawi zonse". Paliponse pamene mwawapeza, imani, mufunse ngati zimene zili kumbuyo kwake zikusenzadi zimene zili kutsogolo.

Mfundo ikaima, bwerani ku madeya. Nkhani yanu ikuyamba motere: "Monga tonse tikudziwa, m'dziko lathu lino la Malawi, nkhani ya kasungidwe ka chimanga ndi nkhani yofunika kwambiri zedi imene aliyense ayenera kuiganizira mozama." Mawu 23, koma wowerenga sanatolepo kanthu. Ngati tonse tikudziwa, palibe chifukwa chotiuzira. Uku ndi kupereka malonje, komwe nkoyenera pabwalo la mfumu, koma papepala munthu amangotembenuza tsamba. Chiyeso chake nchophweka: phimbani chiganizo ndi chala, muwerenge choyandikana nacho kumbuyo ndi kutsogolo. Ngati palibe chasoweka, chichoke. Chotsani ndime yoyamba yonse, muyambe ndi agogo akutsegula thumba. Mawu ngati "kunena zoona", "ndikofunika kudziwa kuti" ndi "monga ndanenera kale" ndawapeza kambirimbiri, ndipo pamodzi ndi malonje aja akukwana 150.

Kufupikitsa ziganizo kumabwera komaliza. Onani ichi: "Alimi ayenera kuonetsetsa kuti achita ntchito youmitsa chimanga chawo mokwanira bwino asanayambe ntchito yochiika m'matumba." Mneni weniweni ndi "umitsa", koma wakwiriridwa pansi pa "ayenera kuonetsetsa kuti achita ntchito". Mufukuleni: "Umitsani chimanga musanachiike m'thumba." Mawu 15 asanduka anayi.

Komabe samalani, kudula kuli ndi malire. M'chiganizo chija munali liwu lakuti "mokwanira", ndipo limabisa funso lalikulu: kuuma kokwanira nkotani? Chimanga chonyowa chimachita nkhungu ngakhale m'thumba labwino. Ophunzira anzanu auzeni kuti chinyezi chisapose pafupifupi 13 peresenti. Mlimi wopanda chida choyezera muuzeni aike njere m'botolo louma lagalasi pamodzi ndi mchere wouma, alitseke, akhutchumule, nkudikira kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga chibwerere padzuwa. Apa mukuwonjezera mawu, ndipo nzoyenera. Malo amene madeya asiya ndi a zinthu ngati zimenezi, kotero muyenera kufupikitsa ziganizo zina mpaka mufike cha m'ma 620, kuti zowonjezerazi zikufikitseni pa 700. Mu Microsoft Word chiwerengero cha mawu chimaoneka pansi kumanzere, muzichiyang'ana mukamaliza ndime iliyonse.

Mukatha, musaitumize tsiku lomwelo. Igone usiku umodzi, chifukwa maso amene angolemba kumene amawerenga zimene mutu umafuna kunena, osati zimene zili papepala. M'mawa muiwerenge mokweza. Pamene mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, chigaweni pawiri. Pamene lilime lapunthwa, pali liwu losayenera. Kenako mupatse mnzanu wa m'chipinda amene sakuphunzira za mbewu, ndipo musamufunse ngati yamusangalatsa, poti adzangoti inde. Mufunseni kuti nkhaniyi ikuti mlimi achite chiyani, nkuyerekeza yankho lake ndi chiganizo chija munalemba pakapepala. Zikasiyana, mufunseni ndime imene anayambira kusochera, mukonze imeneyo, kenako mutumize kwa mkonzi.