Mayeso omasulira apu ya Chifalansa: poyang'anitsitsa ndi pati

"Ankolo, ndamaliza digiri ya Chifalansa ndiye kampani ina yanditumizira fayilo ya mawu a mu apu yawo ya Android yogulirapo zinthu, akuti ndiike m'Chingerezi ngati mayeso. Muli tinthu ngati %1$s komanso malo olembedwa one ndi other. Ndiyambire pati?"

Achemwali, musanalembe kalikonse apempheni masikirinishoti kaye, olo akupatseni apuyo muiike pa foni. Mu fayilomo mupeza Annuler ali yekhayekha, ndiye mudziwa bwanji ngati ali Cancel kapena Undo musanaone batanilo pamene lakhala? Za kutalika nthawi zambiri muli ndi mwayi poti Chingerezi chimafupika, Se déconnecter amangokhala Log out basi. Koma nthawi zina zimatembenuka, batani lomwe analipima kuti mukwane Panier mukalembamo Shopping cart mawu aja amadulidwa kapena kugwera mzere wachiwiri. Ikani Cart ngati ogula ali ku America, Basket ngati ndi ku Britain, ndipo funsani kuti batani lililonse likulola zilembo zingati.

Tinthu ta % tija ndi malo amene apu idzaikepo dzina kapena nambala ikamagwira ntchito, s ndi mawu, d ndi nambala. Mutha kutisuntha m'chiganizo koma osasintha chilembo chake, mukaika d pamalo a s apu imatha kungodzitsekera yokha pa sikirini imeneyo. Onani apa:

```
Commande de %1$s : %2$d articles
%1$s\'s order: %2$d items
```

Dzina labwera kutsogolo, kampata kamene Afalansa amasiya asanaike madontho awiri kachoka, ndipo kachizindikiro ka 's kali ndi \ patsogolo chifukwa mu strings.xml, fayilo ya mawu a apu ija, mukakasiya pokha fayilo imakana.

Pamene ambiri amagwerapo mayesowa ndi pa ziro. Afalansa amatenga 0 ngati chinthu chimodzi, amalemba 0 article opanda s, pomwe Mngerezi amati 0 items. Ngati fayilo yanu ili ndi one ndi other zili bwino, lembani %d item pa one, %d items pa other, foni ikakhala pa Chingerezi imatumiza yokha 0 ku other. Osavutika kuonjezera malo olembedwa zero, pa Chingerezi Android siiwerenga n'komwe. Vuto limakhala pamene wopanga apu anangolemba yekha lamulo lakuti nambala ya zinthu ikaposa 1, n > 1, ndiye aike s, zomwe pa Chifalansa zimayenda bwinobwino koma pa Chingerezi zimatulutsa 0 item, ndipo zimenezo inu simungazikonze ndi kumasulira ayi. Muzindikira mukaona mizere iwiri yosiyana, wina article wina articles, popanda one ndi other. Pamenepo lembani kandemanga pambali kuti pa Chingerezi lamulo likhale n != 1, ndipo akakupatsani apu yoyeserera chotsani zonse mu dengu lija muone chimene chikutuluka, kenako ikanimo chinthu chimodzi, kenako ziwiri.